Tivi yanu sinafe, musailowere nkhongole

Mnzathu wina wa ku Chelstone anatiitana Loweruka lina kuti tikamuthandize kunyamula tivi. Tinaganiza kuti yafa, tikupita nayo kwa wokonza. Titafika tinaipeza ikuonetsa nkhani za ZNBC bwinobwino, chithunzi choyera, mawu omveka, palibe ngakhale kamzere pagalasi. Ndi tivi yaphwatalala ya mainchesi 32 imene amai ake anagula zaka zoposa khumi zapitazo. Iye amafuna kuigulitsa pa mtengo wotaya kuti apeze dipoziti ya simati tivi yolipira mwezi ndi mwezi. Titafunsa chimene yalakwa, anati ana a mlongo wake ochokera ku Woodlands anabwera kudzacheza, anatenga rimoti, anafunafuna YouTube osaipeza, ndipo anaseka.

Kuseka kwa ana awiri kunatsala pang'ono kuika munthu wamkulu mu nkhongole ya chaka chathunthu. Ndipo si iye yekha. M'mafulati a ku Kabwata, m'nyumba za lendi za ku Chelstone, tikuona matiivi abwinobwino akusamutsidwira kuchipinda kapena kuperekedwa kwa achibale a kumudzi ngati zovala zothina, chifukwa choti wina anatiuza kuti tivi yopanda maapu ndi yopusa. Ife tikukana. Tivi yanu ikusowa kachinthu kamodzi kokha, kautali ngati chala, kolowetsa kumbuyo. Koma tikukananso bodza lachiwiri, la anyamata ogulitsa m'tauni amene amati mukagula kachinthuko ndiye kuti zonse zakhala zaulere mpaka kalekale.

Tiyambe ndi chimene simati tivi ili. M'kati mwake muli zinthu ziwiri zomatidwa pamodzi: galasi loonetsa chithunzi, ndi kakompyuta kakang'ono koyendetsa maapu. Zinthu ziwirizi sizikalamba mofanana. Galasi likhoza kugwira ntchito zaka khumi kapena kupitirira. Kakompyuta kaja kamatsalira m'mbuyo msanga, chifukwa eni maapu amasintha mapulogalamu awo chaka ndi chaka, pamene wopanga tivi akasiya kutumiza zokonzanso ndiye kuti wasiya. Izi zinachitika kale. Mu 2015 apu ya YouTube inasiya kugwira ntchito pa masimati tivi ambiri opangidwa mu 2012 ndi kumbuyo kwake. Mu Disembala 2019 Netflix inasiya kutseguka pa matiivi ena a Samsung a 2010 ndi 2011. Anthu amene anagula matiivi amenewo pa mtengo wodula, nanyadira kuti ali patsogolo, anadzuka tsiku lina ali ndi tivi wamba ngati ya mnzathu wa ku Chelstone. Ndipo anachita chiyani? Anagula kasitiki nalowetsa kumbuyo.

Ndiye funso lathu ndi ili: ngati mapeto a simati tivi ndi kasitiki, n'chifukwa chiyani muyenera kudutsa kaye mu nkhongole kuti mukafike kumeneko?

Wina anena kuti nako kasitiki kamakalamba. Zoona. Google inatulutsa Chromecast mu 2013 ndipo inasiya kupanga mu 2024. Fire TV Stick yoyamba ya Amazon, ya 2014, lero ndi nkhalamba yotsimphina. Koma kasitiki kakakalamba mumataya kachinthu kolowa m'thumba la malaya, tivi n'kutsala pakhoma. Mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa tivi yatsopano. Ubongo ndi galasi zikakhala zosiyana, mumasintha chimene chatha n'kusunga chimene chili bwino, monga mmene timasinthira batire la foni osataya foni yonse.

Tinamuuza mnzathu kuti atembenuze tiviyo tione kumbuyo. Apa ndi pamene nkhani yonse imagona. Mukaona bowo lopyapyala lolembedwa HDMI, tivi yanu ndi yokonzeka. Yake inali ndi awiri, HDMI 1 ndi HDMI 2, ndipo onse anali odzaza fumbi chifukwa dikoda yake ya TopStar, imene anagula boma litazimitsa mawayilesi a kanema akale m'mizinda ya m'mbali mwa njanji mu 2017, imalowa ndi mawaya atatu aja, wachikasu, woyera ndi wofiira. Tinalowetsa kasitiki ka Xiaomi pa HDMI 1, tinadina batani la `Source` pa rimoti ya tivi, tinasankha HDMI 1, tinakalumikiza ku hotisipoti ya foni yake, iye n'kulemba akaunti yake ya Google. Dikoda sitinaichotse. Kasitiki sikagwira ZNBC ya mumlengalenga, ndipo ndi kupusa kuwotcha bandulo poonera nkhani za madzulo zimene dikoda ikukupatsani popanda intaneti.

Panali vuto limodzi, ndipo tikulitchula chifukwa ndi limene limachititsa anthu ambiri kubweza kasitiki kabwinobwino kwa wogulitsa. Kasitiki sikatenga moto ku HDMI, kali ndi waya wake wa USB. Mnzathu, pofuna kuchepetsa mawaya, anaulowetsa pa bowo la USB la tivi yomweyo. Kanayaka, kanaonetsa maapu, koma vidiyo ikangoyamba kamazima n'kuyambiranso, kuonetsa chizindikiro cha kampani mobwerezabwereza. Chifukwa chake n'chakuti bowo la USB la matiivi akale limatulutsa kawirikawiri theka la ampeya, pamene timasitiki timafuna ampeya imodzi yathunthu pa mavoti 5. Nthawi zambiri pambali pa bowolo amalemba ndithu 5V 0.5A kapena 500mA. Mukaona zimenezo, tengani chaja imene inabwera m'katoni mulowetse pakhoma. Tinachita zimenezo ndipo sikanazimenso.

Nanga tivi ya chimsana ija, yagalasi lotukuka, imene ilibe HDMI? Imatheka, koma apa sitikunamizani. Pamafunika kabokosi kosinthira, kolembedwa HDMI2AV kapena HDMI to AV, kolandira kasitiki mbali imodzi n'kutulutsa mawaya atatu mbali inayo. Werengani bwino dzinalo, chifukwa kaliponso kofanana nako maonekedwe kolembedwa AV2HDMI, kamene kamagwira ntchito chobwerera ndipo sikakuthandizani. Pambali pali kaswichi ka PAL ndi NTSC. Kuno kwathu ikani pa PAL, ndipo chithunzi chikamagudubuzika kapena chikasowa mitundu, yambani mwayang'ana pamenepo. Filimu idzaoneka, katuni ya ana idzaoneka. Koma zilembo za maapu anazipangira magalasi amakono, ndipo pa tivi ya chimsana zimakhala tinyerere, zina n'kudukira m'mphepete. Ngati yanu ndi imeneyo, kapena yaphwatalala yanu yayamba mizere ndi madontho amdima, sitikutsutsani mukafuna ina. Ngakhale apo, tivi wamba yogwiritsidwapo kale ntchito yokhala ndi HDMI, kuphatikiza kasitiki, ikhoza kukutulutsani.

Manje tibwere kwa anyamata a m'tauni. Yendani m'mashopu ang'onoang'ono a zamagetsi pakati pa Lusaka mufunse kasitiki. Ambiri sakupatsani kasitiki ka kampani yodziwika. Akutulutsirani kabokosi kakuda, katoni yake yolembedwa manambala aakulu, 4K, 5G, nthawi zina 8K, ndi malo osungira zinthu oposa a laputopu, pa mtengo wotsika kuposa kasitiki keniko. Kenako amatsitsa mawu: "Bosi, aka n'kodzaza kale. Bola yonse, mafilimu onse, simulipira kalikonse."

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Manambala a pakatoni aja nthawi zambiri ndi gong'a, ndipo ena amasintha ngakhale zolembedwa m'kati mwa bokosilo kuti mukatsegula `Settings` muone bodza lomwelo. 5G yolembedwayo si netiweki ya 5G ya mafoni. Ikakhala yoona n'komwe, ikutanthauza wayifai ya 5GHz basi. Mabokosi amenewa amayendera Android ya mafoni yovekedwa nkhope ya tivi, osati Android TV kapena Google TV yovomerezeka. Mudzawazindikira ndi rimoti: imakhala ndi batani lotulutsa kamuvi pagalasi, chifukwa maapu ake anawapangira chala cha pafoni ndipo mabatani wamba safika paliponse. Mudzawazindikiranso ndi Netflix. Kuti Netflix ikupatseni chithunzi chakuthwa, chipangizo chiyenera kukhala ndi loko wotetezera mafilimu wotchedwa Widevine pa mlingo wa L1. Gong'a zambiri zili pa L3, ndipo pa L3 Netflix imakupatsani chithunzi chotsika ngakhale katoni ikufuula 4K. Pali apu yaulere, `DRM Info`, imene imaonetsa mlingowu. Muuzeni wogulitsa aiike muone ndi maso anu musanatulutse ndalama. Akayamba kukwiya kapena kukuuzani kuti intaneti yavuta, mwayankhidwa.

Chithunzi chosaoneka bwino munthu akhoza kupirira. Nyerere zenizeni ndi izi. Mu Januwale 2023 katswiri wina wa makompyuta ku Canada, Daniel Milisic, anaulula kuti kabokosi ka T95 kamene anagula pa intaneti kanabwera ndi pulogalamu yaumbanda yoikidwiratu kasanatsegulidwe m'katoni. Ofufuza a kampani ya Human Security anatsatira nkhaniyi naitcha BADBOX. Mu 2025 anapeza kuti yabweranso mokulirapo, FBI ya ku America inachenjeza anthu, ndipo Google inapita kukhoti ikunena kuti zipangizo zoposa mamiliyoni 10 zinali zitagwidwa. Bokosi lotere limagwira ntchito ziwiri. Kumaso limakuonetsani filimu. Kumbuyo limadina zotsatsa malonda zimene inu simukuziona kuti eni ake alandire ndalama, ndiponso limabwereketsa intaneti yanu kwa anthu osawadziwa kuti azidutsira pa inu pochita zawo. Munthu wa ku Kabulonga amene ali ndi faiba yopanda malire mwina sangazindikire n'komwe. Inu amene mumagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo, ndinu amene mukulipirira akubawo. Ndipo mwalemba akaunti yanu ya Google, yomweyo ya pafoni yanu, m'chinthu chimene simudziwa anachipanga ndani.

Sitikunena kuti kabokosi kalikonse kotsika mtengo kali ndi matendawa. Tikunena kuti inu mulibe njira yodziwira poyang'ana katoni, ndipo mnyamata wogulitsayo nayenso alibe. Iye anangogula katundu wambiri pamodzi. Njira yokhayo ndi kugula chipangizo chimene Google kapena Amazon amachidziwa: Xiaomi, Fire TV Stick, Chromecast zotsala m'mashopu, ndi zina zolembedwa Google TV kapena Android TV. Nazonso amazikopera, choncho yatsani pomwepo m'shopu, muone ngati chikukulandirani ndi nkhope yeniyeni ya tivi ndipo rimoti ikufika paliponse popanda kamuvi. Funsani lisiti. Wokana kulemba lisiti akudziwa chimene akugulitsa.

Za bola yaulere ija tinene mwachidule. Ndi zakuba, ndipo zakuba sizikhala ndi ofesi yokadandaulako. Matchanelo amagwira sabata zingapo, kenako amafa tsiku la masewero aakulu, pamene aliyense walowa nthawi imodzi, ndipo nambala ya WhatsApp imene munalipirako siyankha. Palinso china chimene ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera timachiona pafupi: oimba ndi ochita masewero athu amadya kuchokera ku ndalama zimene oonera amalipira. Simungakonde Mpali, kumatchula mayina a osewera ake ngati abale anu, kwinaku mukuionera pa tchanelo chobedwa, kenako n'kumadandaula kuti mafilimu a ku Zambia sakukula.

Tsopano bodza lalikulu, limene ogulitsa simati tivi m'mashopu aakulu ndi ogulitsa gong'a m'tauni amagwirizanapo osadziwana: onse satchula bandulo. Mtengo wa kasitiki mumalipira kamodzi. Intaneti mumalipira mwezi uliwonse, ndipo tivi imadya mosiyana kwambiri ndi foni. Foni ili ndi kagalasi kakang'ono ndipo maapu amadziwa kuti ili pa data, choncho amadziletsa. Kasitiki kakaona wayifai kamaganiza kuti kafika pa ukwati, ngakhale wayifaiyo ndi hotisipoti ya foni yanu ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Kamakoka chithunzi chapamwamba kwambiri chimene netiweki ingalole.

Netflix yokha imanena manambala ake poyera. Pa mlingo wotsika imadya mpaka 0.3 GB pa ola. Pa mlingo wapakati, mpaka 0.7 GB. Pa chithunzi chakuthwa cha HD, mpaka 3 GB pa ola, ndipo pa 4K mpaka 7 GB. Tiyeni tiwerenge ndi nyumba ya mnzathu. Amaonera maola awiri madzulo alionse, ndiye kuti maola 60 pa mwezi. Pa HD akhoza kufika 180 GB. Pa mlingo wapakati ndi 42 GB. Pa wotsika ndi 18 GB. Filimu ndi yomweyo, tivi ndi yomweyo, sofa ndi yomweyo. Tsegulani foni yanu muone mtengo wa bandulo ya 40 GB lero, kenako muone kuti 180 GB ingakutengereni zingati, ndipo mumvetsa chifukwa chake masimati tivi ambiri m'nyumba za anzathu amangoonetsa dikoda, maapu ali phee ngati zokongoletsa.

Mnzathu anaphunzira ndi thumba. Sabata yoyamba anagula 20 GB, sanasinthe kalikonse, ana anaonera katuni Loweruka lonse, ndipo Lamlungu masana uthenga unafika woti bandulo yatha. Anatiimbira akunena kuti kampani ya foni yamubera. Palibe amene anamubera. Pa 3 GB pa ola, 20 GB siikwana maola asanu ndi awiri. Pa mlingo wapakati ikanamufikitsa maola 28.

Apa ndi pamene tivi yakale imapambana, ndipo tikufuna muimve bwino mfundoyi. Matiivi ambiri a mainchesi 32, akale ndi atsopano omwe, galasi lake ndi la 720p. Silingaonetse zoposa pamenepo ngakhale mutalithira 4K. Ndipo mukakhala pa sofa, mamita awiri kapena atatu kuchokera pa galasi laling'ono chotero, chithunzi cha mlingo wapakati chimaoneka bwino ndithu, pafupifupi ngati DVD zimene tinakulira. Chithunzi chomwecho mukachitambasula pa tivi ya mainchesi 55 chimaoneka chosungunuka, nkhope ngati zopakidwa phala, ndipo mumakakamizika kukweza mlingo kuti ndalama zanu zisaoneke zotayika. Tivi yaikulu imabwera ndi njala yaikulu. Mwatenga nkhongole ya tivi, ndipo tiviyo ikukutumaninso kukagula bandulo yowirikiza kanayi.

Kumanga kasitiki pakamwa si ntchito yovuta, koma muyenera kudziwa pogwira. Za Netflix sizisinthidwira pa tivi. Tsegulani akaunti yanu pa burawuza ya foni, lowani pa `Account`, sankhani dzina la woonera, kenako `Playback settings`, ndipo musankhe `Medium`. Chitani zimenezi pa dzina lililonse, makamaka la ana, chifukwa lililonse lili ndi zake. Pomwepo zimitsani zongoyamba zokha, gawo lotsatira ndi tizidutswa tija timene timasewera mukungoyang'ana mndandanda. Pa YouTube, vidiyo ikayamba lowani pa `Quality` musankhe 480p, ndipo muzimitse `Autoplay`, chifukwa munthu akagona pa sofa YouTube siigona naye. Vuto la YouTube ya pa tivi ndi lakuti imakonda kubwerera ku `Auto`, ndiye muphunzitse aliyense m'nyumba kuyang'ana pamenepo. Amene muli ndi Fire TV Stick, mu `Settings` pansi pa `Preferences` muli malo oyang'anira data, osankhirapo mlingo wa vidiyo ndi kuika chenjezo. Foni yanu nayonso imaonetsa kuti hotisipoti yadya zingati, ndipo mafoni ambiri amalola kuika malire. Tsiku loyamba, pamene kasitiki kamakoka zokonzanso ndi maapu, kapiteni nako kwa mnzanu wa intaneti yopanda malire, mukamalize kumeneko.

Vidiyo ikamaimaima, musathamangire kunena kuti kasitiki n'kabodza. Netflix imati 720p imafuna liwiro la 3 Mbps, ndipo 1080p imafuna 5 Mbps, zimene 4G ya m'Lusaka imakwanitsa nthawi zambiri. Koma madzulo, anthu onse a m'fulati akabwerera kunyumba, netiweki imalemera. Komanso kasitiki kali kuseri kwa tivi, kopanikizidwa kukhoma. Ikani foni pawindo pamene imagwira bwino, m'chipinda chomwecho, ndipo muilumikize ku chaja chifukwa hotisipoti imatentha foni ndi kumaliza batire. Ngati m'katoni munali kawaya kafupi kotalikitsira HDMI, kagwiritseni ntchito kuti kasitiki kasuzumire panja.

Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene malaiti amapita pafupifupi tsiku lonse. Ambiri tinagula mainiveta ang'onoang'ono ndi mabatire. Kasitiki kamadya mawati osapitirira asanu, ndipo tivi yaing'ono imadya moto wochepa kuposa chimphona cha mainchesi 55. Ganizirani zimenezo musanapachike pakhoma chinthu chimene batire lanu silingachinyamule mpaka filimu ithe.

Mnzathu wa ku Chelstone sanatenge nkhongole ija. Tivi ya amai ake ikadali pa kabati pomwe inali, dikoda pa mawaya atatu, kasitiki pa HDMI 1, Netflix pa `Medium`. Ana a ku Woodlands anabweranso pa holide. Anatenga rimoti yaing'ono, anapeza YouTube, sanafunse kuti tiviyo ndi ya chaka chanji. Chimene anadandaula n'chakuti amalume awo anaima pambali pawo mpaka anasankha 480p.